Kufunafuna kumwera usiku: masiku asanu pakati pa Chipata ndi Katete

Lolemba, ku Chipata

Mawa m'mawa ndinyamuka ndi mwana wanga wamwamuna kupita kwathu, kumudzi wina wa kumwera kwa Katete, kumene a malume andiitana kuti tikakambirane za minda ya banja. Mwanayu ali mu giredi 9, ndipo ndinamulonjeza kalekale kuti tikadzapita kumalo kopanda magetsi ndidzamuphunzitsa kupeza kumwera poyang'ana nyenyezi. Phunzirolo layamba lero lomwe, chifukwa magetsi anazima dzuwa litangolowa, ndipo thambo la pakati pa mwezi wa Juni linayera mbee pamwamba pa mapiri ozungulira tauni ino.

Nthawi ya 7 koloko madzulo tinaima pakhonde, ndipo ndinamusonyeza Mtanda wa Kumwera. Ndi nyenyezi zinayi zowala zimene zinaima chilili ngati mtanda wa pamanda, ndipo ndi waung'ono kuposa mmene anthu ambiri amaganizira: mukatambasula dzanja, zala zinayi zimauphimba wonse, pakuti kutalika kwake ndi madigiri 6 okha. Nyenyezi ya kumutu, Gakrukisi, ndi yofiirira ngati khala limene layamba kuzirala, pamene ya kuphazi, Akrukisi, ndi yoyera ndiponso yowala kuposa zinzake. Kumanzere kwa mtandawo kunali nyenyezi zina ziwiri zowala kwambiri, Alefa Sentauri ndi Hadara, zimene ine ndimazitcha Zolozera popeza mzere wake umaloza kumutu kwa mtanda. Amene ali ndi pulogalamu ya nyenyezi pa foni akalemba Crux adzaupeza.

Mwanayo anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Atate, ndiye kuti kumene kuli mtanda ndiko kumwera. Zatha basi." Ndinamuyankha kuti walondola, koma walondola pa ola lino lokha, ndipo ndinamuuza kuti asunge mawu akewo kufikira mawa.

Lachiwiri, kumudzi

Tinakwera minibasi pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, tinatsika pa Katete, ndipo mtunda wotsala tinauyenda pa njinga zamoto. Za ulendowo palibe chonena kupatula fumbi. A malume tinawapeza akusenda nshawa pabwalo, ndipo atamva zimene tikufuna kuchita usiku anaseka, nati iwo kumwera amakudziwa ndi mphepo, chifukwa miyezi ino imaomba kuchokera komweko. Sindinawatsutse pamaso pa mwana, ngakhale kuti mphepo ya nyengo ino imakonda kuchokera pakati pa kumwera ndi kummawa, ndipo usiku wina imangoti zii.

Mdima utagwira ndinauza mnyamatayo kuti apeze yekha mtanda. Anaupeza msanga, koma unali wolakwika. Kumudzi nyenyezi zimachuluka kwambiri, ndipo kumanja kwa mtanda weniweni, chakumunsi pang'ono, kuli nyenyezi zina zinayi zimene zimapanganso mtanda, wokulirapo ndiponso wooneka bwino kwa munthu wosazolowera. Umenewu ndi Mtanda Wabodza, ndipo ukautsatira umakutayitsa chakumadzulo. Ndinamupatsa zizindikiro zosiyanitsira. Mtanda weniweni umayenda ndi Zolozera zake ziwiri nthawi zonse, pamene wabodza uli wokhawokha. Weniweni uli ndi kanyenyezi kachisanu kozimirira, kamene kamakhala m'mbali, pakati pa phazi ndi mkono umodzi. Ndiponso pafupi ndi phazi lake pali chibanga chakuda bii mkati mwa Mlalang'amba, ngati pamene munthu wataya thumba la makala. Kwa ine chizindikiro cha Zolozera ndicho chodalirika, chifukwa zinazo zimasowa mwezi ukawala.

Kenaka tinafika pa nkhani yeniyeni. Thambo lonse limaoneka ngati likuzungulira malo amodzi osasuntha, ndipo malo amenewo ndiwo ali pamwamba pa kumwera kwenikweni. Anthu a kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi mwayi, chifukwa pamalo awo otere pali nyenyezi yowala. Ife pathu pali mdima. Kanyenyezi kamene kali pafupi ndi kozimirira kotero kuti sindinayese n'komwe kukafunafuna. Ndinaloza mbuzi ya a malume imene inamangidwa pa chikhomo kuseri kwa nkhokwe, ndi kumuuza kuti mtanda ndi mbuzi, ndipo ife tikufuna chikhomo. Mbuzi ikhoza kuima kumanja, kumanzere kapena kutsogolo, koma chingwe chake chimaloza pa chikhomo nthawi zonse, ndipo utali wa chingwecho susintha.

Chingwe cha mtanda ndi mzere wochokera kumutu kudutsa kuphazi. Mumayeza utali wa mtanda ndi zala, ndiye kuyambira pa Akrukisi mumapitiriza mzerewo kanayi ndi theka. Madigiri 6 kuchulukitsa ndi 4.5 ndi madigiri 27, ndipo popeza chibakera chimodzi cha dzanja lotambasula ndi pafupifupi madigiri 10, mtundawo ndi zibakera zitatu zoperewera pang'ono. Pamene mwafikapo ndiye pa chikhomo. Kuchokera apo mumatsitsa maso molunjika pansi kufikira pamene thambo lakumana ndi dziko, ndipo pamenepo ndiye kumwera.

Pali njira yodziyesera ngati mwawerenga bwino, imene ndimaikonda chifukwa imagwira munthu wothamanga. Chikhomo chimakwera pamwamba pa dziko ndi madigiri ofanana ndi mtunda wa malo anu kuchokera ku ikweta. Chipata ili pa madigiri 13 ndi theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo Katete ili pafupi ndi madigiri 14, choncho kuno chikhomo chili m'munsi ndithu, chibakera chimodzi ndi theka pamwamba pa dziko lathyathyathya. Mwanayo atawerenga koyamba anathera pamwamba kwambiri, pafupifupi zibakera ziwiri ndi theka, ndipo tinapeza kuti anayamba kuwerenga pamutu m'malo mwa paphazi, komanso anali atapinda chigongono.

Tinazika ndodo ziwiri pabwalo, motalikirana mapazi khumi, kuti munthu akaima kumbuyo kwa yoyamba aone yachiwiri itaima pansi pa chikhomo. Pa 7 koloko ndodozo zinalozanso pa mtanda womwewo. Tinakadya nsima, tinaotha moto ndi kukambirana za malire a munda, ndipo pa 10 koloko ndinamudzutsa pamene ankasinza. Mtanda unali utachoka pamwamba pa ndodo, utapendekeka chakumanja ngati munthu wotsamira khoma. Thambo limazungulira madigiri 15 pa ola, molowera kumene mivi ya wotchi imalowera munthu akayang'ana kumwera, choncho pa maola atatu mtandawo unapendekeka ndi madigiri 45. Anayezanso kanayi ndi theka motsata kupendekekako, ndipo chala chake chinathera pamwamba pa ndodo, pamalo omwe aja.

Lachitatu

Tsiku lonse linathera kumunda ndi kwa a mfumu. Madzulo kunabwera timitambo, choncho tinachita zochepa.

Cha m'ma hafu pasiti 6, kumadzulo kusanadetsetse, nyenyezi ziwiri zowala kuposa zonse za usiku, Siriyasi ndi Kanopasi, zinali m'munsi, zitatsala pang'ono kulowa. Mtunda wa pakati pa ziwirizi ndi madigiri 36, ndipo kuchokera pa Kanopasi kufika pa chikhomo ndi madigiri 37, motsata pafupifupi mzere womwewo. Tinayamba pa Siriyasi chakumadzulo, tinadutsa pa Kanopasi kulowera kumanzere, ndi kupitirira mtunda wofanana, ndipo tinafika pafupi ndi ndodo zathu. Njirayi ndi ya miyezi ya mvula makamaka. Pano inatipatsa mphindi zochepa nyenyezizo zisanabisike kuseri kwa mitengo ya mango.

Mtambo utaphimba theka la mtanda ndinamusonyeza mmene Zolozera zimathandizira. Mumalumikiza ziwirizo ndi mzere, mumapeza pakati pake, ndipo kuchokera pakatipo mumatulutsa mzere wina wopingasa, wolowera mbali imene phazi la mtanda likuloza. Pamene mzerewu wakumana ndi chingwe cha mtanda ndi pafupi kwambiri ndi chikhomo. Ubwino wake ndi wakuti simuwerenga kanthu. Kuipa kwake ndi kwakuti kujambula mizere iwiri yaitali m'mutu n'kovuta, ndipo dzanja likapotoka pang'ono poyambira, kumapeto limaphonya kwambiri. Ine ndimawerenga kanayi ndi theka poyamba, ndipo Zolozera ndimazifunsa ngati mboni.

Lachinayi

Lero phunziro linatuluka pabwalo. M'mudzi wina wa kumpoto kwa kwathu munagwa maliro, ndipo tinapita ndi a malume masana, modzera njira ya ngolo imene imazungulira dambo. Usiku iwo anati agona pa siwa pamodzi ndi amuna anzawo, koma mwanayo anali atayamba kutsokomola ndi kuzizira, choncho tinatsazika cha m'ma 10 koloko. A malume anatiperekeza kufika kumapeto kwa mudzi, nati, "Musazungulire. Minda yonse anakolola, dambo lauma. Lunjikani kumwera, mukapeza chulu chachikulu chokhala ndi mtengo pamwamba, ndiye mwafika theka. Mudzi wathu uli kutsogolo kwake." Mtunda wonse ndi pafupifupi makilomita awiri.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti atsogole, ndipo ndinatseka pakamwa. Tochi tinaizimitsa, chifukwa kuwala kwake kumapha maso, ndipo pamatenga mphindi zambiri kuti ayambenso kuona nyenyezi zozimirira. Poyamba anaima, anayeza, ndipo anayamba bwino. Koma kuyenda m'munda wokololedwa usiku kuli ndi zake: mizere imakupunthwitsa, mapesi amakukwapula m'miyendo, chisoso chimamatirira pa buluku, ndipo maso amakhala pansi nthawi zambiri. Akadzutsa mutu ankafuna chinthu chowala choti atsatire, ndipo chowala chinali mtanda, osati mdima wa pa chikhomo. Pang'ono ndi pang'ono ndinaona kuti talunjika pa Akrukisi. Ndinkawerenga mapazi chamumtima, ndipo titakwanitsa 1,300, amene kwa ine ndi pafupifupi kilomita imodzi, chulu chinali chisanaoneke.

"Atate, chulu chija achigumula kapena?" anafunsa motero.

Ndinamuuza kuti aime ndi kuyezanso. Atatambasula dzanja ndi kuwerenga, chala chake chinathera kumanzere kwa kumene tinkapita, ndipo mpata wake unali zibakera ziwiri ndi kachidutswa. Pa ola limenelo, mtanda utapendekeka ndi madigiri 45, Akrukisi imakhala pafupifupi madigiri 22 kumadzulo kwa kumwera kwenikweni. Munthu akaphonya ndi digiri imodzi, pa kilomita imodzi amapatuka mamita 17 kapena 18. Ife tinaphonya ndi madigiri 22, choncho tinali titapatuka mamita oposa 350 chakumadzulo, ndipo tikanapitirira kufika makilomita awiri tikanadutsa mudzi wathu patali mamita oposa 700, osauona n'komwe, popeza kumudzi pa ola limenelo moto umakhala utazima.

Iye anafuna kuti tingotembenukira kumwera kwenikweni ndi kupitiriza. Apa ndi pamene ndinamuimitsa kachiwiri, chifukwa cholakwa chimenechi n'chobisika kuposa choyamba. Nyenyezi zimakuuza mbali imene wayang'ana, koma sizikuuza pamene waima. Tikanalunjika kumwera kuchokera pamenepo tikanayenda mzere wolondola pamalo olakwika, ndipo mudzi ukanatsalabe kumanzere kwathu ndi mamita omwe aja. Tinayenera kubweza kaye zimene tinataya. Munthu akayang'ana kumwera, kummawa kumakhala kudzanja lake lamanzere, choncho tinatembenukira kumeneko, chikhomo chili paphewa lamanja, ndi kuwerenga mapazi. Tisanakwanitse 500, chinthu chakuda chinaima kutsogolo kwathu chitaphimba nyenyezi, ndipo chinali chulu ndi mtengo wake.

Kuchokera pa chulu tinayenda mwa njira ina. Tinayeza chikhomo titaima, tinatsitsa maso pansi, ndi kusankha mtengo umene unaima pamenepo, wooneka mdima wake pa thambo. Tinayenda kulunjika pa mtengowo osayang'ananso kumwamba, ndipo titaufika tinayezanso ndi kusankha wina. Tinachita zimenezi katatu, kenaka agalu a kwathu anayamba kuuwa. Kuyeza ndi zala kumaphonya ndi madigiri awiri kapena atatu ngakhale munthu atasamala, koma pa kilomita imodzi amenewo ndi mamita 50 okha, ndipo mudzi ndi waukulu kuposa pamenepo.

Tinapeza azakhali ake atatisungira kandolo wootcha paphulusa. Mnyamatayo anadya osalankhula.

Lachisanu, m'bandakucha

Chinatsala ndi chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri olembedwa kumayiko a kumwera kwambiri sachitchula, pakuti kumeneko chikhomo chili pamwamba ndipo mtanda sulowa. Kuno umalowa. Chingwe chake ndi madigiri 27 kufika paphazi, pamene chikhomo chakwera madigiri 14 okha, choncho mbuzi ikazungulira kumunsi imamira pansi pa dziko kwa maola angapo. Ndinatchera wotchi pa 2 koloko kuti mwanayo adzionere yekha.

Kunja kunkazizira koopsa. Mtanda unali utagona chammbali kumanja, mutu utayamba kuloza pansi, ndipo mitengo inali itaubisa theka. Zolozera zinali zikadali pamwamba pake. Kumanzere, kutsidya lina la ndodo zathu, kunali kutatuluka nyenyezi ina yowala yokhayokha, yopanda inzake pafupi, imene ndi Akenara, ndipo pa foni imalembedwa Achernar. Nyenyeziyi ili kumbali ina ya chikhomo moyang'anizana ndi mtanda, kotero kuti wina akamalowa inzake imatuluka, ngati anthu awiri osinthana ulonda. Mukajambula mzere kuchokera pa Akenara kufika pa Hadara, imene ndi Cholozera choyandikira mtanda, chikhomo chimakhala pafupi ndi pakati pa mzerewo. Mwanayo anatambasula manja onse awiri, lamanzere pa Akenara, lamanja pa Hadara, ndipo mphuno yake inaloza pa ndodo.

Iye anakagonanso, koma ine tulo tinali titatha, ndipo ndinakhala pafupi ndi chikuni kufikira 4 koloko. Pa ola limenelo mtanda unali utapita, Zolozera zili kumira, ndipo Akenara inatsala yokha. Nyenyezi imodzi siipereka mzere, ndipo apa ndi pamene njira zonsezi zimafooka. Chimene chimathandiza ndi kamtambo koyera kamene sikasuntha ndi mphepo, kakang'ono mwa Mitambo iwiri ya Magelani, kamene kwenikweni ndi khamu la nyenyezi zakutali kwambiri. Kali pafupifupi theka la ulendo wochokera pa Akenara kupita pa chikhomo, ndipo mtunda wonsewo ndi madigiri 33, zibakera zitatu ndi kachidutswa. Muyeso umenewu ndi wongoyerekeza poufanizira ndi wa mtanda, ndipo mwezi ukawala kapena utsi wa lupsa ukachuluka kamtamboko sikaoneka.

Maola onse amene ndalemba m'masiku awa ndi a pakati pa Juni. Nyenyezi zimafulumira ndi mphindi zinayi usiku uliwonse, amene ndi maola awiri pa mwezi, choncho amene adzabwere kuno ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti adzapeza mtanda utagona kale chammbali mdima ukamayamba, ndipo mu Novembala madzulo sadzauona konse. Nthawi imeneyo mlonda ndi Akenara, amene amakhala pamwamba, ndipo usiku ukakula Kanopasi amatuluka kumanzere kwake. Ziwirizi pamodzi ndi chikhomo zimakhala ngati mafuwa atatu, otalikirana pafupifupi mofanana, fuwa lachitatu lili chakumunsi.

A malume anabwera kuchokera kumaliro dzuwa litatuluka, ndipo mwanayo anawafotokozera za chulu, osabisa kuti ndiye anatisocheretsa. Iwo anapita pa ndodo zija, anatsinzina diso limodzi, nayang'ana kumene zikuloza, kenaka anati kumeneko n'kumene kuli malire a Mozambiki, ndipo ndodozo zisazulidwe chifukwa akufuna kumanga khola latsopano la nkhuku khomo lake litafulatira mphepo. Njinga zamoto zibwera kudzatitenga pa 9 koloko, ndipo ndiyenera kumanga thumba la nshawa limene atipatsa.